Funso likakhala m'kati mwa chiganizo china, mawu amayalidwa bwanji?

"Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ina ku Lilongwe. Tsiku lina dalaivala wathu atatuluka ndi galimoto osatsanzika, ndinalemba pagulu lathu la WhatsApp kuti *I wonder where is he going*. Bwana anayankha pompo kuti Chingelezi chimenechi nchothyoka, ndipo anzanga anaseka. Komatu kusukulu anatiphunzitsa kuti pofunsa funso mneni amatsogola. Ndinalakwitsa pati? Ine, wowerenga wanu."

Achemwali, kalata yanuyi yandikhudza kwambiri, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti kusukulu sanakunamizeni. Anakupatsani theka la lamulo, theka linalo n'kulisiya. Pa Chingelezi cha mu ofesi ndi cha pamayeso, chiganizo chovomerezeka ndi *I wonder where he is going*, ndipo chimatha ndi mpumiro osati mfunsiro. Koma kungokuuzani zimenezo sikukwanira, chifukwa mawa mudzapunthwanso pa chiganizo china cha mtundu womwewu. Chimene chikufunika ndi kuona komwe vutoli limachokera, ndipo limachokera m'chinenero chathu chomwechi.

Ndinaphunzitsapo Chingelezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza. M'kalasi la Fomu 3 munali mnyamata wina wofatsa, wa masamu kwambiri, amene ankabwera pa njinga kuchokera kutali ndithu. Tsiku lina anandipeza mu ofesi ya aphunzitsi nthawi yopuma, atapinda kope lake pakati ngati akubisa chinthu chochititsa manyazi. Munali chimangirizo chimene anamuchongera mphunzitsi wina ine ndisanatenge kalasilo. Pa tsamba lachiwiri panali chiganizo ichi: *I asked my uncle that where did he put the money.* Chinali chitadulidwa ndi cholembera chofiira kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo m'mbali munalembedwa mawu amodzi okha omunyoza, popanda kufotokoza chilichonse. Mnyamatayo anati, "Aphunzitsi, ndawerenga kambirimbiri koma sindikuona cholakwika."

Ndinamuuza kuti anene chiganizocho m'Chichewa. Anati, "Ndinawafunsa amalume kuti ndalama anaika kuti." Ndinalemba mawu akewo pa pepala, pansi pake n'kulemba Chingelezi chake chija, ndipo tinaona tonse kuti mwanayo sanalembe mwachisawawa ayi. Anatsata malamulo awiri mokhulupirika. Loyamba ndi la Chichewa: ife tikafuna kunena zomwe tinafunsa, timaika mawu oti "kuti", kenako funso lonse limalowa monga liliri. "Akupita kuti?" limasanduka "Ndikufuna kudziwa kuti akupita kuti." Palibe liwu limene lasuntha. Ndi "kuti" woyambayu amene anabereka *that* m'chiganizo chake, pamalo pomwe Chingelezi sichimufuna n'komwe. Lamulo lachiwiri ndi lija tonse tinaimba kupulayimale, kalasi lonse kukuwa pamodzi: *Where is he going? He is going to the market.* Tinaliimba mpaka khutu linazolowera kuti pambuyo pa *where* pamabwera *is*, pambuyo pa *when* pamabwera *did*. Mukaphatikiza malamulo awiriwa, mupeza ndendende chiganizo cha mnyamata uja, ndi chanunso.

Tsono chimene Chingelezi chimachita ndi ichi. Funso likaima palokha, mneni wothandizira amadumpha mwininkhani n'kukhala patsogolo pake: *he is going* imakhala *is he going*. Kudumphako ndi chizindikiro chakuti chiganizo chonse ndi funso lofuna yankho. Koma mukayamba ndi *I wonder*, kapena *I asked*, kapena *I don't know*, chiganizo chanu sichilinso funso. Mukungonena za inu mwini, kuti mukudabwa, munafunsa, kapena simukudziwa. Mbali ija yoyamba ndi *where* yasanduka chinthu chimene mukudabwa nachocho, ndipo ikugwira ntchito ngati dzina. Yesani kuichotsa n'kuikapo dzina lenileni: *I don't know where he lives* ndi *I don't know his address* zamangidwa mofanana. Chifukwa chake mneni alibenso chifukwa chodumphira, amabwerera pamalo pake pambuyo pa mwininkhani. Zili ngati mlendo amene kwawo amakhala pampando wa bambo, koma akalowa m'nyumba ya eni ake amakhala pomwe amulozera.

Ndi mnyamata uja tinakonza pang'onopang'ono. Tinayamba tachotsa *that*, chifukwa *where* payekha akulumikiza kale mbali ziwirizo. Kenako tinafika pa *did*, ndipo apa ndi pomwe ambiri amagwa ngakhale atamva lamulo. Iye anayesa kulemba *where he did put the money*, poganiza kuti ntchito ndi kungosinthanitsa mawu awiri. Ayi. *Do*, *does* ndi *did* amabwerekedwa kuti athandize kupanga funso pamene palibe mneni wina wothandizira. Funso likatha, amachokeratu, ndipo katundu amene anasenza amabwerera kwa mneni weniweni. *Where does she live?* imakhala *I don't know where she lives*, ndipo muone kuti *s* uja wabwerera kumapeto kwa mneni. *When did the bus leave?* imakhala *Tell me when the bus left*, mneni watenganso nthawi yakale. Chiganizo chake chinatha chili *I asked my uncle where he put the money*. Anachiyang'ana kwa nthawi, kenako anatsegula masamba ena a kopelo n'kuyamba kupeza yekha ziganizo zina zodwala matenda omwewo. Zinalipo zambiri, zonse zofiira, palibe ndi chimodzi chomwe chimene wina anamufotokozerapo.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Mwana ameneyu mayeso a Fomu 4 anali patsogolo pake, ndipo tonse tikudziwa kuti wolephera Chingelezi salandira satifiketi ngakhale masamu atakhoza bwanji. Tsogolo lake linali pa phunziro limene ankalichongedwa ndi mizere yofiira yopanda mawu. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mphunzitsi wa Chingelezi m'Malawi muno amene safuna kutchula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao m'kalasi mwake akudzimanga manja yekha. Zolakwa za ana athu zili ndi gwero, ndipo gwerolo nthawi zambiri limaoneka poyera mukangoika zinenero ziwirizo moyandikana pa bolodi. Tinazolowera kulanga mwana wolankhula chinenero cha makolo pa sukulu, pomwe chinenero chomwecho ndi chimene chikanamuonetsa msanga pomwe akuphonya.

Ndipo za kuseka kuja sindikuvomereza ngakhale pang'ono. Bwana anali ndi ufulu wokukonzani, koma akanakuitanirani pambali. Oseka aja ndikanakonda kuona makalata awo, chifukwa ziganizo monga *I would like to know when will the interviews be held* ndaziona m'makalata a anthu a madigiri, ofunsira ntchito zapamwamba. Pamenepo *will* anafunika kubwera pambuyo pa *the interviews*. Mwininkhani akakhala wautali, ngati *the interviews* kapena *the new district commissioner*, khutu silimva msanga kuti mawu atembenuka, ndipo ngakhale odziwa amaterereka.

Komanso mudziwe kuti kalankhulidwe kanuka si kachilendo pa dziko lapansi. Ku Ireland anthu obadwa ndi Chingelezi amanena tsiku ndi tsiku kuti *I wonder is he coming* kapena *She asked me would I go*, ndipo kumeneko palibe amene amatembenuka. Kutembenuza mawu kotereku kumamvekanso m'Chingelezi cha ku India. Ndiye si nkhani ya kuchepa nzeru. Ndi nkhani yakuti Chingelezi cholembedwa, cha m'mabuku, m'makalata a ntchito ndi pamayeso, chinasankha njira imodzi, ndipo amene amachonga mapepala athu amatsata imeneyo. Poti mumalemba makalata a ofesi, itsateni inunso.

Pali chinanso chimene bwana wanu mwina sakudziwa. Mukanaika mpatuliro pambuyo pa *wonder* ndi mfunsiro kumapeto, n'kulemba kuti *I wonder, where is he going?*, chiganizocho chikanakhala cholondola. Pamenepo mwaima kaye, kenako mwafunsa funso lenileni loima palokha, monga munthu wolankhula mumtima. Olemba nthano amachita zimenezi kawirikawiri. Kusiyana kwake ndi tizizindikiro tiwiri basi, koma ndi timene timauza wowerenga ngati funso lili panja kapena m'kati.

Pomwe pamasokoneza kwambiri

Ndi pamene chiganizo chakunja nachonso ndi funso. Mukafika ku banki mukufuna kufunsa mwaulemu, mumati *Could you tell me where the manager is?* Mfunsiro ulipo, koma ndi wa *could you tell me*, ndipo kudumpha kwa mneni kwachitikira pomwepo. Kumachitika kamodzi kokha pa chiganizo, kotero mbali yam'kati imakhala *where the manager is*. Ambiri amaona ngati *is* wasiyidwa padera kumapetoko, nkumukokera pakati. Musiyeni pomwepo.

Mafunso oyankhidwa ndi inde kapena ayi alibe *where* kapena *when* wolumikizira, ndiye amafuna *if* kapena *whether*. Apa Chichewa chikutithandiza, chifukwa nafenso timatero: "Kodi wafika?" imakhala "Sindikudziwa ngati wafika", ndipo *Has he arrived?* imakhala *I don't know if he has arrived*. Ndipo pamene liwu lofunsira ndilo mwininkhani, palibe chosintha: *Who took the car?* imalowa monga iliri, *I wonder who took the car*, poti panalibe kudumpha kulikonse poyamba pomwe.

Musanatumize uthenga, chitani chonchi. Phimbani ndi chala mawu onse kuyambira koyamba mpaka pa *where*, *when*, *why*, *how* kapena *if*, muwerenge zotsalazo. Zikamveka ngati mukufotokoza, monga *he is going*, zili bwino. Zikamveka ngati mukufunsa, monga *is he going*, bwezani mneni pambuyo pa mwininkhani. Mukapeza *do*, *does* kapena *did* wongothandizira funso, mufafanize n'kukonza mneni wotsalayo, koma *don't* ndi *didn't* amatsala chifukwa asenza kukana, monga mu *I asked why he didn't come*. Pomaliza yang'anani mawu oyambirira a chiganizo chonse: ngati ndi *I wonder* kapena *Please tell me*, ikani mpumiro, ndipo ngati ndi *Do you know* kapena *Could you tell me*, ikani mfunsiro.