Mausi asanafike pa batani, fomu inali itapita kale

"Ndimagwira ntchito yoyesa mapulogalamu. Kasitomala wina akuti akalembetsa munthu watsopano n'kudina Save, pamabwera uthenga wakuti munthuyo alimo kale. Wajambula kanema wa sikirini yake, ndipo ndatsatira zonse zimene akuchita, koma kwa ine vutoli silikuoneka. Kanemayo ndakutumizirani. Kodi ndikuphonya chiyani?"

Zikomo potumiza kanemayo, chifukwa yankho lili momwemo, kungoti silili pamene maso amathamangira. Ambiri timayang'ana pamene uthenga wofiira waonekera, pomwe chimene chauyambitsa chimakhala chitachitika masekondi angapo m'mbuyomo. Ine ndimayamba ndi kuzimitsa mawu, popeza munthu akamafotokoza amanena zimene akuganiza kuti akuchita, osati zonse zimene zala zake zikuchita. Kenako ndimalemba papepala chilichonse chimene chasintha pa sikirini pamodzi ndi nthawi yake, popanda kumasulira kalikonse.

Kuonera pa liwiro la masiku onse sikokwanira. Kanema wa zithunzi 30 pa sekondi amaonetsa chithunzi chilichonse kwa mamilisekondi pafupifupi 33, choncho chizindikiro chimene chaoneka pa zithunzi zitatu zokha n'chosavuta kuchiphonya. Mu pulogalamu yoonera makanema ya VLC mungayende chithunzi chimodzichimodzi podina E, koma ine ndimakonda kudula kagawo kofunikako n'kukasandutsa zithunzi zimene ndingaziyale pamodzi:

```
ffmpeg -ss 00:00:40 -i kanema.mp4 -t 5 -vf fps=10 c_%03d.png
```

Lamuloli limatenga masekondi asanu kuyambira pa sekondi 40, n'kutulutsa zithunzi 50. Mukaziona motsatana, nkhani yake ili motere. Pa sekondi 41 kasitomala akumaliza kulemba m'bokosi lomaliza la fomu, ndipo mausi ali phee kutali ndi batani. Zithunzi zitatu kutsogolo, kachizindikiro kozungulira kakuonekera pakona ya tsamba, mausi asanasunthebe. Pa sekondi 43 m'pamene mausi akufika pa Save n'kudina, ndipo uthenga wa vuto ukubwera sekondi imodzi pambuyo pake.

Kachizindikiro kameneko ndiye umboni waukulu. Kanema wa sikirini saonetsa kiyibodi, motero chinthu chikayamba kuchitika mausi ali chiimire, muziganiza kuti munthu wadina china chake ndi chala. Pa fomu wamba ya mu bulawuza, kudina Enter muli m'bokosi la mzere umodzi kumatumiza fomu yonse. Zikuoneka kuti kasitomala wanu anazolowera kudina Enter akamaliza kulemba, ndipo sindikuganiza kuti amadziwa n'komwe kuti amatero, n'chifukwa chake sanazitchule. Fomu inapita koyamba ndi Enter ndipo munthuyo analembetsedwa, koma popeza netiweki inali yochedwa, tsamba silinasinthe msanga, ndiye iye anadina Save n'kuitumizanso kachiwiri. Seva inakana yachiwiriyo, ndipo zimene inanena zakuti munthuyo alimo kale zinali zoona.

Inu simunalipeze vutoli pa zifukwa ziwiri zogwirizana: munangodina batani osadina Enter, ndipo ngakhale mukanadina zonse, netiweki yanu ikakhala yachangu tsamba limakhala litasintha dzanja lisanafike pa mausi. Kuti mulibwereze, tsegulani DevTools, zida zofufuzira za mu bulawuza, pitani pa Network, chongani Preserve log kuti mndandanda usafufutike tsamba likasintha, ndipo sankhani liwiro lochepa la netiweki. Dzazani fomu ndi dzina latsopano, dinani Enter, dikirani masekondi awiri, kenako dinani Save. Ngati ndawerenga bwino, muona POST, uthenga wotumiza fomu ku seva, kawiri ku adiresi imodzi, woyamba atalandiridwa ndipo wachiwiri atakanidwa, mwina ndi 409 ngati seva yanu imagwiritsa ntchito nambala imeneyo pa zinthu zowombana.

Komabe musanalembe lipoti, kumbukirani kuti zimene ndanena za Enter ndazitenga pa zotsatira zake, osati poona chala chikudina. Kutsimikiza kwake kuli mu zolemba za seva. Wotchi ya pakona ya sikirini ya kasitomala ikupatsani mphindi yoti mufufuze, kungoti maseva ambiri amalemba nthawi ya UTC, choncho muyambe mwawerengera kusiyana kwa maola. Mukapeza mapempho awiri otalikirana masekondi pafupifupi awiri, ndiponso munthu uja akupezekadi m'kaundula ngakhale kasitomala ankayesa kuti zakanika, ndiye kuti mfundoyi yatsimikizika. Mukapeza pempho limodzi lokha, ndiye kuti kachizindikiro kaja kanali ka chinthu china, monga kufufuza dzina pamene munthu akulemba, ndipo muyenera kuyang'ana kumeneko.

M'lipoti lanu mulembe Enter ngati sitepe yakeyake, mutchule liwiro la netiweki limene munasankha, ndipo muikemo zithunzi ziwiri zokha, cha kachizindikiro mausi ali kutali ndi cha uthenga wa vuto, mutaphimba dzina ndi zina za munthu wolembetsedwayo. Wokonza pulogalamu akaona zimenezi azindikira msanga kuti batani liyenera kutsekeka fomu ikangotumizidwa, kaya ndi mausi kaya ndi kiyibodi.