Kalata ya kwa mwini shopu uja

"Azakhali, shopu ya zovala ija andikana ntchito, akuti thupi langa ndi lalikulu. Amangolemba atsikana ochepa thupi okhaokha. Ndikufuna ndimulembere kalata mwini shopuyo, koma ndilembemo chiyani?"

Eya, ndamva mwana wanga. Pepa ndithu, zandipweteka. Ndangojambula mawu chifukwa kulemba kundichedwetsa, ndiye umvetsere mpaka kumapeto.

Kalatayo ulembe, koma usalembe lero mtima uli m'mwamba. Lero tenga kope ulembe zonse zimene zinachitika usanaiwale: tsiku, nthawi, amene unayankhula naye, kaya ndi mwini wake kaya ndi manijala, ndi mawu enieni amene anatuluka pakamwa pake. Ngati panali wina amene anamva, umulembenso. Ndipo ngati chikalata chofuna anthu antchito chikadali chomata pagalasi paja, kapena anaika pa WhatsApp, uchijambule msanga asanachichotse. Zikalata zotere nthawi zambiri amalemba poyera kuti akufuna atsikana a zaka zakutizakuti, otumiza chithunzi cha thupi lonse. Umenewo ndiye umboni wako wamphamvu kuposa zonse.

Tsono apa umvetsetse bwino. Lamulo la zolemba anthu ntchito la 2000, gawo 5, limaletsa tsankho, ndipo silimangoteteza amene ali kale pantchito ayi, limatetezanso iwe amene ukufunsira. Limatchula mtundu, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja, udindo wosamalira banja, ndi zina. Koma kunenepa ndi zaka silinazitchule mwachindunji. Zimenezo munthu amazilowetsa pa mawu aja akuti "ndi zina", ndipo pamenepo angathe kukutsutsa. Ndiye usatsamire pa thupi pokha. Ngati anakufunsa kuti uli pabanja kapena uli ndi ana angati, ulembe zimenezo patsogolo, chifukwa zili m'lamulo momveka. Komanso shopu imene sikulemba mwamuna ngakhale mmodzi pa ntchito yogulitsa, pamenepo pali kale tsankho loonekeratu. Malamulo aakulu a dziko, gawo 20, nawonso amaletsa zomwezi.

Iyeyo adzayankha kuti ndi mmene bizinesi yake imayendera, makasitomala amakopeka ndi atsikana otere. Angathenso kunena kuti ntchitoyo payokha ikufuna zimenezo. Koma ntchito yake ndi iti? Kulandira kasitomala, kudziwa masaizi, kuwerenga ndalama, kupereka chenji cholondola, kulondera katundu asabedwe. Chiuno chikubwera pati pamenepo? Ndipo azimayi ambiri amene amagula madiresi m'shopu muja matupi awo ndi ngati athu omwewa. Mfundo imeneyo uikemo, ndi yoona ndipo imamukhudza m'thumba.

Kalatayo isapitirire tsamba limodzi. Pamwamba keyala yako, nambala ya foni ndi tsiku. Kenako unene motere: "Pa tsiku lakuti ndinabwera kudzafunsira ntchito yogulitsa. Ndinabweretsa kalata ya kumene ndinkagwira kale. Palibe amene anaiyang'ana. Ndinauzidwa mawu akutiakuti." Basi, mawu ake omwewo, osawonjezera mchere. Kenako utchule lamulo lija, kenako unene chimene ukufuna. Anthu ambiri amaiwala pamenepa, amangodandaula tsamba lonse, wolandirayo n'kungopinda kalata. Iwe unene kuti mukandiyese ntchito monga mmene mumayesera ena, kapena mundiyankhe polemba chifukwa chimene munandikanira, ndipo musinthe chikalata chanu chija. Umupatse masiku 14.

Chinthu chimodzi ndikukupempha, usanyoze atsikana amene akugwira ntchito mujamo. Nawonso ndi ana a anthu, akusaka ya sopo ngati iwe, sanalakwe kanthu. Ndipo usalembe zoti bamboyo amawafuna atsikanawo, olo anthu akunong'ona choncho mumsika. Ulibe umboni, ndipo nkhani ingakutembenukire, iye n'kukusumira kuti wamuipitsira mbiri. Za pa Facebook nazonso uzisiye kaye. Koma ngati iweyo anakuuza mawu achipongwe okhudza thupi lako, kapena anakugwira, imeneyo ndi nkhani inanso yaikulu, ili m'lamulo la 2013 loona za kusasiyanitsa amuna ndi akazi, ndipo undiimbire pandekha, osati pagulu pano.

Ukamaliza, upange fotokope. Upite ndi munthu wina, wolandirayo asaine pa kope yako ndi kulembapo tsiku. Akakana kusaina, mnzako uja ndiye mboni. Masiku aja akatha ali chete, tenga kope yako ndi chithunzi chija upite ku ofesi ya leba ya m'boma lanu. Iwo amatha kumuitanitsa kuti mukambirane. Zikakanika pamenepo, kuli khoti la za ntchito, komanso bungwe la boma loona za ufulu wa anthu.

Sindikukulonjeza kuti akulemba ntchito, ndipo mwina iwenso sungafune kugwira kwa munthu wotero, ndiye kufunsira kwina usasiye. Ukalemba, unditumizire ndione kaye usanakapereke.