Kopa wanga akutuluka wowirikiza kawiri, ndikuphonya pati?

"Aphunzitsi, ine ndili Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Ndirande. Anatipatsa funso lakuti karenti ya 0.5 A yadutsa m'madzi a kopa salufeti kwa mphindi 40, ndiye tipeze kulemera kwa kopa amene wamata pa kathodi (Cu = 63.5, F = 96500 C). Ine ndikupeza 0.79 g, koma potichongera akuti ndi 0.39 g. Ndabwereza kanayi konse, kakuleta ikundipatsa chomwecho. Kodi ndikuphonya pati?"

Mwana wanga, kakuleta yako isiye, ilibe mlandu. Ndipo ndikuuze, 0.79 g wakoyo wandisangalatsa, chifukwa akusonyeza kuti mbali yaikulu ya ulendo waiyenda bwino. Wapunthwa pakhomo penipeni. Waiwala kuti ayoni imodzi ya kopa imafuna maelekitironi awiri kuti isanduke chitsulo, osati imodzi. Koma ndikangokuuza kuti "gawa ndi 2", mawa akakupatsa siliva udzagawanso ndi 2 n'kulakwa, ndiye tiye tiyambire kumene 2 ameneyu amachokera.

Ukaima pampopi ndi chidebe, madzi amene utenge amadalira zinthu ziwiri: mmene mpopiwo ukuthamangira, ndi nthawi imene chidebe chakhala pansi pake. Mpopi wodontha ukhoza kudzaza chidebe chomwecho, bola udikire. Magetsi ndi chimodzimodzi. Karenti ndi liwiro, ndipo timaiyeza m'maamupeya. Zonse zimene zadutsa m'waya pa nthawi yonseyo ndi tchaji, imene timaiyeza m'makulomu. Amupeya imodzi imatanthauza kulomu imodzi pa sekondi iliyonse, ndipo mawu akuti sekondi uwagwiritse, chifukwa ndi pamene anzako ambiri amagwera. Mphindi 40 ziyambe zasanduka masekondi:

t = 40 × 60 = 2400 s
Q = I × t = 0.5 × 2400 = 1200 C

Apa iwe unadutsa bwino. Amene amangochulukitsa 0.5 ndi 40 amapeza 20 C, ndipo pamapeto amatuluka ndi kopa wa 0.0066 g, kafumbi koti sikelo ya ku labu imavutika kukaona.

Tsopano makulomu 1200 amenewa ndi maelekitironi angati? Elekitironi imodzi imanyamula tchaji yochepetsetsa, 1.6 × 10⁻¹⁹ C. Molo imodzi ya chinthu chilichonse ndi tinthu 6.02 × 10²³. Ukachulukitsa manambala awiriwa upeza pafupifupi 96500, ndipo ndiko kumene F amachokera. Si nambala yogwa kumwamba ayi, ndi tchaji ya molo imodzi ya maelekitironi. Yeniyeni ndi 96485, koma pa mayeso amaizunguliza kukhala 96500. Chilembo F chikuimira dzina la Michael Faraday, wasayansi wa ku Mangalande amene m'zaka za m'ma 1830 anaonetsa kuti kuchuluka kwa chinthu chotuluka pa elekitirodi kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa magetsi amene adutsa. Chodabwitsa n'chakuti iye anapeza zimenezi elekitironi isanadziwike n'komwe, poti inadzatulukiridwa mu 1897. Ankangoyeza, n'kuona kuti manambala akugwirizana.

mamolo a maelekitironi = 1200 ÷ 96500 = 0.01244

Pano ndi pamene iwe unalumpha mzere. Unatenga 0.01244 n'kuchulukitsa ndi 63.5, n'kupeza 0.79. Koma 0.01244 ameneyu ndi mamolo a maelekitironi, si a kopa. Waya sunyamula kopa. Umanyamula maelekitironi basi, n'kukawatula pa kathodi. Kopa ali kale m'madzi abuluu aja, ngati maayoni a Cu²⁺, ndipo kachiwiri kali pamwambako kakutanthauza kuti ayoni iliyonse ikuperewera maelekitironi awiri. Kuti ikhale atomu ya chitsulo n'kumata pa kathodi, iyenera kubwezeredwa onse awiri:

Cu²⁺ + 2e⁻ → Cu

Ine m'kalasi ndimati uwu ndi mtengo. Maelekitironi ndi ndalama zimene wapita nazo kumsika wa Limbe, ndipo chitsulo chilichonse chili ndi mtengo wake. Atomu ya kopa mtengo wake ndi maelekitironi awiri, ndipo palibe kunenerera. Ukakhala ndi khumi ubwera ndi maatomu asanu. Iwe unawerenga ndalama za m'thumba n'kuziyesa katundu.

mamolo a kopa = 0.01244 ÷ 2 = 0.00622
kulemera = 0.00622 × 63.5 = 0.39 g

Ndi ameneyo 0.39 g wa aphunzitsi ako. Kakuleta ionetsa 0.3948 ngati sunazungulize manambala pakati pa njira, ndipo ndingakulangize kuti uzizunguliza kumapeto kokha. Mafunso ena amapereka Cu = 64, ndipo pamenepo yankho limakhala 0.40 g. Gwiritsa ntchito nambala imene wapatsidwa pa pepalapo, osati imene unaloweza.

Kuti uone kuti 2 uja si wa nthawi zonse, tenga makulomu 1200 omwewo uwadutsitse m'madzi a siliva naitireti. Ayoni ya siliva ndi Ag⁺, mtengo wake elekitironi imodzi, choncho mamolo a siliva ndi 0.01244 yemweyo, ndipo ukachulukitsa ndi 108 upeza 1.34 g. Njira yako ija ikanakhoza apa, mwangozi. Aluminiyamu ndiye wodula, Al³⁺, maelekitironi atatu pa atomu imodzi, atomuyo n'kukhalanso yopepuka, 27 basi. Makulomu 1200 angakupatse 0.11 g yokha. Ndi chifukwa chake mafakitale oyenga aluminiyamu amadya magetsi koopsa. Paja aluminiyamu satuluka m'madzi ngati kopa, amafuna okusaidi yake ikhale yosungunulidwa pa moto waukulu, koma masamu ake ndi omwewa.

Mabuku ena amaphatikiza zonsezi mu mzere umodzi, m = (I × t × M) ÷ (z × F), pamene M ndi kulemera kwa molo imodzi ya chitsulocho ndipo z ndi mtengo uja. Mzerewu ndi woona, koma ine sindiukonda kwa munthu amene akuphunzira kumene. Ndaona ana ambiri akuuloweza ngati nyimbo ya kwaya, tsiku la mayeso z n'kuthawa m'mutu, kapena n'kukwera pamwamba m'malo mokhala pansi. Ukayamba ndi kulemba Cu²⁺ + 2e⁻ → Cu usanakhudze kakuleta, 2 amakhala akukuyang'ana pa pepala. Komanso wochonga amaona njira yako, ndiye ngakhale utaphonya nambala yomaliza suchoka chimanjamanja.

Nthawi zina funso amalitembenuza, amvekere: pa karenti yomweyo ya 0.5 A, padutsa nthawi yaitali bwanji kuti pamate kopa wa 1 g? Umangoyenda chobwerera. Galamu imodzi kugawa ndi 63.5 ndi mamolo 0.01575 a kopa. Popeza tsopano ukufunsa ndalama zofunika kuti ugule katunduyo, uchulukitsa ndi 2, osati kugawa, n'kupeza mamolo 0.0315 a maelekitironi. Kuchulukitsa ndi 96500 kukupatsa pafupifupi 3040 C, ndipo kugawa ndi 0.5 kukupatsa masekondi 6080, amene ndi ola limodzi ndi mphindi 41. Nambala ina yabwino kuisunga m'mutu ndi iyi: amupeya imodzi ikayenda ola lathunthu imamata kopa wa pafupifupi 1.2 g. Pa funso lako karenti ndi theka la amupeya, nthawi sinakwane ola, ndiye yankho silikanafika n'komwe 0.6 g. Ukanakhala ndi nambala imeneyi, 0.79 ukanamukayikira wekha.

Mwina waona kuti m'masamu onsewa mulibe mavoti a batire, mulibe kukula kwa elekitirodi, mulibenso kuchuluka kwa salufeti amene wasungunulidwa m'madzi. Sikuti zilibe ntchito. Zimenezi zimasintha karenti, koma karenti ukangoiwerenga pa ameta, zonsezo zalowa kale m'nambala imeneyo. Funso likaponyamo "batire ya 6 V" pambali pa karenti ndi nthawi, dziwa kuti ndi nyambo.

Koma ndisakunamize kuti ku labu sikelo idzakuonetsa 0.39 g ndendende. Chaka china ndinachita zimenezi ndi kalasi yanga m'mwezi wa Juni, kunja kuli chiperoni, Soche osaoneka n'komwe. Tinapala timapepala tiwiri ta kopa ndi sandipepa mpaka kuwala, tinayeza kathodi, tinaika karenti pa 0.5 A, n'kutchera wotchi. Kenaka ine ndinatanganidwa ndi kulemba pa bolodi. Pobwerera patapita mphindi ngati 25, singano ya ameta inali itatsikira cha ku 0.4, mabatire atatopa. Pamapeto tinapeza kopa wa 0.33 g, ana n'kuyamba kunena kuti Faraday ananama. Wolakwa ndinali ine. Q = I × t imagwira ntchito ngati karenti yakhala yosasintha nthawi yonseyo, ndipo ndi chifukwa chake pamafunika riyositati ndi munthu woyang'anira singano, kuti ikangotsika aibweze pamalo pake.

Gulu lina tsiku lomwelo linapeza zambiri kuposa za masamu, n'kuyamba kudzitama. Nditagwira kathodi yawo ndinapeza kuti inali yonyowa. Anayeza kopa pamodzi ndi madzi ndi mchere wa salufeti, ndipo m'nyengo yozizira ngati ija kanthu sikauma msanga. Kathodi imafunika kuitsukuluza ndi madzi oyera opanda mchere, kuiviika mu puropanoni kuti iume mwachangu, kenaka n'kuiyeza. Osaipukuta ndi nsalu, chifukwa kopa watsopano amachoka mosavuta.

Palinso vuto la anthu opupuluma amene amakweza karenti kuti zithe msanga. Karenti ikachuluka pa kapepala kakang'ono, kopa samata mosalala. Amabwera wofiirira moderako, wonga ufa, ndipo amayoyokera pansi pa bika, kumene sikelo sikamuona. Ukaonanso tithovu tikutuluka pa kathodi, ameneyo ndi haidirojeni, kutanthauza kuti maelekitironi ena akupita kukagula mpweya m'malo mwa kopa, ndipo kulemera kudzaperewera. Masamu athu amaganiza kuti elekitironi iliyonse yagwira ntchito ya kopa yekha, choncho nambala ya pa pepala ndiyo malire a pamwamba. Sikelo ikaonetsa zochepa pang'ono usadabwe, koma ikapitirira, kayikira kuuma kwa kathodi kapena ameta yako.

Ngati kusukulu kwanu mudzachite zimenezi, upemphe kuti muyezenso anodi. Ikakhala ya kopa, imasungunukira m'madzi pa mtengo womwewo wa maelekitironi awiri pa atomu, ndiye imapepuka ndi pafupifupi mlingo umene kathodi yalemera nawo, ndipo buluu wa madzi sasintha. Manambala awiriwo akasiyana kwambiri, suzumira pansi pa bika. Ukatha apo yesa ili wekha: 2 A kwa mphindi 15 m'madzi a zinki salufeti, Zn = 65, ayoni yake ndi Zn²⁺. Ukapeza 1.21 g ndiye kuti walumphanso mzere womwe uja.