Ndasiya kukwapula, nanga ana ochedwa ndiwatani?

"Ndimaphunzitsa Sitandade 4 ndipo m'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ahedi atiletsa kukwapula, koma chiyambireni ana akungofika nthawi imene afuna. Ifenso tinakwapulidwa ndipo tinakula bwinobwino. Kodi popanda chikwapu ndigwire chiyani?"

Aphunzitsi, mawu akuti ifenso tinakwapulidwa ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndimawamva paliponse, m'minibasi, pamaliro, ngakhale kutchalitchi. Amene amanena mawuwa ndi ife amene tinatsala pasukulu mpaka kumaliza. Amene chikwapu chinawathamangitsa salemba makalata ngati yanuyi, ndipo palibe amene amawafunsa.

Kupulayimale kwathu m'mawa uliwonse timayamba ndi masamu a m'mutu. Aphunzitsi ankaima kutsogolo ndi nthambi ya bulugamu, kufunsa mafunso khumi a kuchulukitsa, kenako tisinthane makope. Funso lililonse limene walakwa, chikwapu chimodzi m'manja. Ndinkakhala pafupi ndi mnyamata wina amene pamsika ankagulitsa mandasi a amayi ake, ndipo chenje ankabweza osalakwitsa ngakhale tambala imodzi. Koma aphunzitsi akangoti 7 kuchulukitsa ndi 8, iye ankangoti kakasi, milomo ikunjenjemera. Patapita nthawi anaphunzira zinthu ziwiri, kuonera pa kope langa ndi kubisala m'chimanga mpaka phunziro la masamu litatha. Kubisalako kunamusandutsa wochedwa, ndiye ankakwapulidwanso pageti. Kenako anayamba kujomba tsiku lathunthu. Sitandade 6 sanaimalize, ndipo pamudzi ankangoti mwana uja sukulu inamukana.

Chimene chinkamuchitikira lero ndimachimvetsa. Kuti mwana awerengere m'mutu, ayenera kusunga manambala angapo nthawi imodzi n'kumawasuntha. Mantha amalanda malo omwewo. Maganizo ake onse amakhala pa dzanja la aphunzitsi ndi pa ndodo, ndipo manambala amabalalika. Choncho mwana wokwapulidwa chifukwa cholakwa masamu amalakwa kwambiri mawa lake, ndipo amasiya kukweza dzanja, chifukwa wazindikira kuti kukhala chete n'kotetezeka kuposa kuyesa.

Izi si nkhani za pamudzi pathu pokha. M'chaka cha 2016 akatswiri awiri a ku America, Elizabeth Gershoff ndi Andrew Grogan-Kaylor, anasonkhanitsa kafukufuku wa zaka pafupifupi 50 wokhudza ana oposa 160,000 omenyedwa ndi makolo pofuna kuwalanga. Sanapeze umboni woti kumenya kumakonza khalidwe. Anapeza kuti kumayendera limodzi ndi ndewu, kusamvera, nkhawa ndi kudziona wachabechabe. Kafukufuku wina wotchedwa Young Lives, amene ankatsatira ana ku Ethiopia, India, Peru ndi Vietnam, anaonetsa kuti m'mayiko ambiri mwa amenewa ana amene ankamenyedwa kusukulu ali ndi zaka 8 ankakhoza masamu mochepa pofika zaka 12.

Ine ndafika poti sindivomerezanso zoti pali kukwapula kwachikondi m'kalasi ya ana 100. Mphunzitsi wotopa, amene wayenda mtunda wautali, malipiro achedwa, choko chatha, sakwapula mwa muyeso. Amakwapula molingana ndi mmene mutu ukumupwetekera tsikulo. Ndipo ana amaona. Mtsogoleri wa kalasi mukamusiyira ndodo kuti alembe olongolola, mwamuphunzitsa kuti wamphamvu amamenya wofooka, ndiye musadabwe nthawi yopuma akamakunkhuniza ana a Sitandade 1.

Apa ndinenenso za chibalo, chifukwa masukulu ambiri atamva kuti ndodo yaletsedwa anangosintha chida. Kugwaditsa mwana pamiyala dzuwa likuswa mtengo, kumuzulitsa chitsa, kumukumbitsa dzenje anzake akuphunzira, zonsezi cholinga chake ndi chimodzi, kuti thupi limve kuwawa. Kumuimika kutsogolo kuti anzake amuimbire nyimbo yomunyoza n'koipa kuposa chikwapu, poti manyazi amakhalitsa kuposa chilonda. Malamulo oyendetsera dziko lathu, pa gawo 19, amateteza ulemu wa munthu aliyense ndipo amaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa. Mwana wa Sitandade 4 naye ndi munthu. Anzathu a ku South Africa analetsa kukwapula m'masukulu mwalamulo mu 1996, koma mpaka lero nkhani za aphunzitsi omenya zimamvekabe kumeneko. Lamulo palokha silimupatsa mphunzitsi chochita m'malo mwa ndodo, ndipo pamenepa ndikugwirizana nanu kuti ahedi anakulandani chida osakupatsani china.

Zoti muchite ndi ochedwawo

Choyamba, mwana wochedwa alowe m'kalasi. Kumutsekera panja n'kumuonjezera phunziro lina loti aphonye. Ikani kope pakhomo, aliyense wochedwa alembe dzina ndi nthawi, akhale pansi mwakachetechete, inu osaimitsa phunziro. Chitani zimenezi kwa masabata awiri. Mudzaona kuti si kalasi yonse imene imachedwa, ndi mayina omweomwewo, ndipo masiku ake amakhala ndi dongosolo.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina akupezeka m'kopemo Lolemba ndi Lachinayi lililonse. Mumuitane payekha nthawi yopuma, osati pamaso pa anzake, mumufunse chimene chimachitika m'mawa wa masiku amenewo. Mwina ndi masiku a msika, amayi ake amalawirira, iye ndiye amakatunga madzi kumjigo kumene kumakhala mzere, n'kusambitsa mng'ono wake. Zikwapu makumi awiri sizingafupikitse mzere wa pamjigo. Nkhani imeneyi ndi ya makolo, ndipo amayi a gulu la amayi la pasukulu angakaikambe bwino kunyumbako kuposa kalata yoitana kholo, mwina madzi azitungidwa madzulo. Koma wina mudzapeza kuti amachoka kwawo nthawi yabwino n'kumasewera mpira panjira. Ameneyu alandire chilango chogwirizana ndi cholakwacho: ntchito imene waphonya ailembe pa mphindi khumi zoyamba za nthawi yopuma, inu mulipo, tsiku lomwelo. Musamumane phala, ndipo musamulande nthawi yonse yopuma. Akabwereza katatu pa sabata, makolo adziwe. Lamuloli mulikambirane ndi kalasi yonse lisanayambe kugwira ntchito, lilembedwe pakhoma, ndipo likhudze aliyense mofanana, ngakhale mwana wa amfumu.

Muikenso chinthu chokoma kumayambiriro kwa tsiku, kaya nthano yopitirira imene mumaidula pokoma, kaya mpikisano wa magulu, kuti wochedwa aziona kuti wataya kanthu. Tsiku limene wochedwa uja wafika msanga, mumutchule dzina ndi kumuuza kuti mwaona.

Masabata oyamba zinthu zimaipa kaye, chifukwa ana amene anazolowera ndodo amayesa kuti aone ngati malire alipodi. Aphunzitsi ambiri amagonjera pamenepa. Chinanso chimene chimagwetsa njirayi ndi kukhala nokha: ngati wa Sitandade 5 akukwapulabe pageti, ana adzangoti inu ndinu ofewa. Ku Uganda, m'boma la Luwero, bungwe la Raising Voices linayesa njira yoti sukulu yonse isinthire limodzi, aphunzitsi, ana ndi makolo. Kafukufuku wa m'masukulu 42 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015 anapeza kuti kumenyedwa kwa ana ndi aphunzitsi kunatsika ndi 42 peresenti m'masukulu amene anatsatira njirayo. Ndiye kope lanu lija mupite nalo kumsonkhano wa aphunzitsi, muwapemphe ahedi kuti makalasi onse agwiritse lamulo limodzi kwa teremu yathunthu, ndipo pakutha pake muwerenge mayina a sabata yoyamba ndi a sabata yomaliza.