Makamera a ku Kapata sakuoneka pa foni: vuto si rauta yanu

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili ndi makamera anayi ndi DVR pa shopu yanga ku Kapata, intaneti ndi ya rauta ya simu. Ndikakhala pa shopu zonse zimaoneka pa foni, koma ndikafika kunyumba palibe. Port 8000 ndinatsegula, DDNS ndinaika. Kunyumba nako PlayStation ya mwana ikulemba NAT Type 3. Kodi ndigule rauta ina?"

Akulu anga, ndalama ya rauta yatsopano muyambe mwaisunga. Pali kafukufuku wa mphindi zisanu amene angakuuzeni ngati vuto lili mu shopu mwanu kapena ku kampani imene ikukugulitsani intaneti.

Muli pa shopupo, lowani mu rauta ndipo mupeze pamene palembedwa WAN IP. Lembani nambalayo papepala. Kenako, foni ili pa Wi-Fi yomweyo, tsegulani tsamba la `ifconfig.me` muone nambala imene likuonetsa. Nambala ziwirizi zikafanana, adiresi yanu ndi yoonekera kunja, ndiye kuti mwangolakwitsa penapake potsegula khomo, Port 8000 ija. Zikasiyana, pali wina pakati pa inu ndi intaneti. Ya mu rauta ikakhala pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255, palibenso chokayikitsa, muli pa CGNAT, njira imene kampani imagawira anthu ambiri adiresi imodzi, chifukwa chigawo chimenechi chinapatulidwa mu 2012 kuti chizigwira ntchito imeneyi. Makampani ena amangopereka nambala zoyamba ndi 10, koma nkhani yake ndi imodzimodzi.

Gwero lake ndi kuchepa kwa maadiresi. IPv4 ili ndi maadiresi pafupifupi mabiliyoni 4.3 okha, ndipo sakwanira dziko lonse. Choncho kampani imatenga adiresi imodzi yoonekera kunja n'kuigawira makasitomala ambiri nthawi imodzi. Amene tinakulira kumudzi tikukumbukira bokosi la ku positi la pasukulu, limene mudzi wonse unkagwiritsa ntchito. Inu mukalemba kalata, yankho limakupezani, chifukwa dzina lanu lilipo. Koma kalata yobwera ndi nambala ya bokosi yokha, aphunzitsi aakulu angaipatse ndani? Foni yanu ikamafuna DVR kuchokera kunyumba ili ngati kalata yopanda dzinayo: imafika pa makina a kampani n'kutayidwa komweko, pa rauta yanu sifika n'komwe. N'chifukwa chake Port Forwarding, UPnP ndi DMZ sizinathandize, mwatsegula chitseko cha nyumba pamene geti la mpanda lili ndi loko wa eni ake. DDNS nayo ikungolengeza adiresi imene mukugawana ndi anthu ena.

Samalani ndi chinthu chimodzi chimene chimafanana ndi vutoli koma chimatheka kukonza nokha. Amene ali pa faiba nthawi zambiri amalumikiza rauta yawo kumbuyo kwa kabokosi ka kampani, ndipo WAN IP imaoneka yoyamba ndi 192.168. Apo muyang'ane nambala ya mu kabokosi koyambako. Ikakhala yoonekera kunja, kuika kabokosiko pa Bridge Mode kumathetsa nkhani yonse.

Ine pa makamera ndikanasankha Tailscale, pulogalamu yolumikiza zida zanu ngati kuti zili mu netiweki imodzi, ndipo ndi imene ndinaikira mlamu wanga pa shopu yake ya zipangizo zaulimi ku Katete. Tinataya masabata awiri tikuimbira kampani yake, aliyense wotiyankha ankangoti tizimitse rauta n'kuyatsanso. Nzeru yake ndi yakuti zida zonse ziwiri, cha ku shopu ndi foni yanu, zimayamba zokha kutulukira kunja n'kukakumana, ndipo CGNAT siletsa zotuluka. Kwa munthu payekha pali gawo laulere.

DVR singathe kulandira pulogalamuyi, choncho pamafunika kakompyuta kokhala koyaka pa shopu nthawi zonse, kaya Raspberry Pi kapena laputopu yakale ya Linux. Ife tinayamba ndi kusintha manambala a mu shopu kuti akhale 192.168.50.x, ndipo DVR tinaipatsa 192.168.50.20 yosasintha. Musadumphe zimenezi. Marauta ambiri amabwera ndi manambala ofanana, ndipo ngati kunyumba ndi ku shopu konse kuli 192.168.1.x, foni imatha kusokonezeka n'kumafuna DVR m'nyumba mwanu. Titaika pulogalamuyo pa kakompyutako tinalemba izi:

```
sudo sysctl -w net.ipv4.ip_forward=1
sudo tailscale up --advertise-routes=192.168.50.0/24
```

Mzere woyambawo umaiwalika makina akazima, ndiye mulembe `net.ipv4.ip_forward=1` mu fayilo yothera ndi `.conf` ya mu `/etc/sysctl.d/`, apo ayi magetsi akangopita n'kubwera mudzapeza zonse zaleka. Kenako lowani mu akaunti yanu pa tsamba lawo, pa Machines, muvomereze njira ya 192.168.50.0/24. Ikani Tailscale pa foni ndi akaunti yomweyo, ndipo mu pulogalamu ya makamera lembani 192.168.50.20 ngati kuti muli mu shopu. Poyesa, zimitsani Wi-Fi mugwiritse bandulo ya foni. Ambiri amayesa ali pa Wi-Fi ya pa shopu n'kusangalala pachabe.

Zithunzi zikamadukaduka, lembani `tailscale status`. Mukaona mawu akuti `direct`, zida zanu zikulankhulana mwachindunji. Mukaona `relay "jnb"`, zikudzera pa seva ya ku Johannesburg, zomwe zimachitika kawirikawiri mbali zonse ziwiri zikakhala pa CGNAT. Zimagwirabe ntchito, kungoti mochedwerapo. Apa mu pulogalamu ya makamera sankhani Sub Stream, ya zithunzi zopepuka, m'malo mwa Main Stream, ndipo zimenezi zipulumutsanso bandulo. Kamera imodzi pa 512 kbps imadya pafupifupi 230 MB pa ola, pamene pa 4 Mbps imadya 1.8 GB, ndipo imadya mbali zonse, ku shopu ndi pa foni. Za magetsi mukuzidziwa kale kuno kwathu: rauta, DVR ndi kakompyutako zikhale pa batire imodzi.

Ngati mukuona kuti izi zachuluka, yang'anani mu DVR ngati muli P2P kapena Platform Access, kumene mumangojambula QR ndi foni. Nayo imadutsa CGNAT mwa njira yomweyo yotulukira kunja. Ndi yosavuta, koma kulumikizana kwanu kumadalira maseva a opanga DVR, ndiye pasiwedi ikhale yolimba.

Za PlayStation ndikuuzeni mosabisa: Tailscale siisintha NAT Type 3, chifukwa anzake a mwanayo sali mu netiweki yanu. Yambani ndi kafukufuku uja pa rauta ya kunyumba. Ikapezeka kuti ndi CGNAT, mankhwala enieni ndi kupempha adiresi yanuyanu ku kampani. Musawauze kuti intaneti ikuvuta, nenani kuti mukufuna `public IPv4`, ndipo pemphani kulankhula ndi a gawo la mabizinesi, chifukwa nthawi zambiri imagulitsidwa kumeneko pa mtengo wapamwezi. Pa faiba mwayi ulipo kuposa pa simu wamba. Mufunsenso ngati amapereka IPv6, ngakhale masewera ambiri akudalirabe IPv4. Ndipo musathamangire Starlink poganiza kuti ithetsa izi: inafika mu Zambia mu 2023, koma phukusi lake la pakhomo nalonso limagawana IPv4 mwa CGNAT. Mukapatsidwa adiresiyo, yatsani UPnP mu rauta ndipo yesaninso pa Test Internet Connection. Mukufuna NAT Type 2, imeneyo ndi yokwanira kusewera ndi kucheza ndi anzake.

Ngakhale mutapeza adiresi yoteroyo pa shopu, ine sindingatsegule khomo la DVR kuti lionekere kunja. Pali makina amene usana ndi usiku amangoyendayenda pa intaneti kufunafuna ma DVR a pasiwedi ya kufakitale. Tumizani kuno zigawo ziwiri zoyambirira zokha za WAN IP ya ku shopu ndi ya kunyumba, tione kuti muyambire pati.