Belu linalira ndisanafike pa ndalama

"Achimwene, ndalowa mpikisano wa mabizinesi ongoyamba kumene. Atipatsa mphindi 5 zolankhula, ndipo mamalikisi awagawa chonchi: msika 30, ndalama 25, gulu lathu 20, kukula kwa bizinesi 15, vuto lomwe tikuthetsa 10. Masilaidi anga ndiwayale bwanji?"

Chemwali, kalata yanu yandikumbutsa tsiku lomwe limandiwawabe mumtima. Ndinaima pamaso pa majaji anayi ndi bizinesi youmitsa tomato. Ndinayamba ndi mayi anga: momwe ankakhalira pamsika wa Lizulu ndi madengu odzaza, dzuwa n'kulowa osagulitsa, tomato akuchucha madzi pansi pa dengu, ntchentche zili ng'waa. Nkhaniyo inadya mphindi ziwiri zathunthu. Majaji ankagwedeza mitu, mmodzi anachita kuika cholembera pansi. Ine ndinkati zikuyenda. Belu linalira silaidi ya ndalama ndisanaitsegule n'komwe.

Cholembera chija ndicho chinali chizindikiro. Jaji akasiya kulemba ndiye kuti zomwe mukunena zilibe bokosi papepala lake loikapo mamalikisi. Sindivomereza zoti nkhani yokhudza mtima ndiyo imapambanitsa. Ayi ndithu. Munthuyo wamvera kale anthu khumi, watopa, ndipo ali ndi mabokosi oti adzaze musanatsike. Ngakhale misozi italengeza m'maso mwake, bokosi la vuto silingapitirire 10. Ndipo zimandipweteka kuona achinyamata akulangizidwabe kuti angolankhula zakumtima, osauzidwa za pepalali.

Kagawidwe kake

Mphindi 5 ndi masekondi 300, mamalikisi ndi 100, choncho malikisi amodzi ndi masekondi atatu. Msika utenge masekondi 90, ndalama 75, gulu 60, kukula 45, vuto 30 basi. Vutolo yambani nalobe, chifukwa popanda ilo zinazo sizimveka, koma likhale ziganizo zitatu. Pamutu pa silaidi iliyonse lembani liwu lomwelo lili papepala lawo, kuti jaji asachite kufufuza poika malikisi.

Bokosi lililonse lipatseni umboni. Pa msika, kunena kuti aliyense amadya tomato n'kutaya nthawi. Nenani kuti ndani wagula kale, kangati, ndipo wabweranso kapena ayi. Pa ndalama, nditati ndiimenso lero ndinganene chonchi: paketi imodzi imandidyera K1,800, ndimagulitsa K2,500, zotsala ndi K700, lendi ndi malipiro ndi K210,000 pamwezi, ndiye ndikagulitsa mapaketi 300 ndabweza zonse. Zimenezi zimatha m'masekondi 20, otsalawo n'kufotokoza zomwe mphotoyo idzagule.

Kenako perekani pepala lija kwa mnzanu wosadziwa bizinesi yanu, ayatse wotchi ya pafoni, azichonga mukamalankhula. Bokosi lomwe wasiya lopanda kanthu, kaya munalitchula, bwererani mukalikonze. Komabe chepetsaniko pang'ono gawo lililonse, muyesetse kumaliza pa mphindi 4 ndi theka, poti tsiku lenilenilo kukhosi kumauma ndipo silaidi imachedwa kusintha.