Matope a katondo ndi mpendero wa siketi

"Zikomo achemwali. Ndangoyamba kumene ntchito ya mu ofesi m'tauni muno mu Lilongwe, koma ndimakhala ku Chinsapo, ndipo kuchoka kunyumba kukafika pa siteji ndimayenda mphindi 20 mumsewu wopanda tala. Chiyambireni mvula ndikumafika kuntchito ngati ndachokera kudimba, moti Lachiwiri lapitali abwana anandiyang'ana kumapazi osanena kanthu. Ndizivala chiyani? Ndalama zogulira zovala zatsopano ndilibe."

Mng'ono wanga, kalata yanuyi ndinaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiriko ndinayamba ndaika foni pansi, chifukwa diso la kumapazi lija ndimalidziwa bwino kwambiri. Ine linandigwera tsiku lina m'mwezi wa Januwale, zaka zambiri zapitazo, ndikukhala ku Machinjiri, pamene anandiitana kukayesedwa mafunso a ntchito mumzinda wa Blantyre. Ndinabwereka siketi yaitali yofika m'mapazi, yoyera motuwirako, kwa akulu anga, ndipo ndinaisita usiku ndi simbi ya makala mpaka inachita kuima yokha. Ndinkadziona wochenjera chifukwa nsapato zabwino ndinaziika m'chikwama, n'kuvala patapata kuti ndiyendere mpaka pa siteji. Mvula inali itagwa usiku wonse koma m'mawa kunacha bwino, choncho ambulera sindinaitsegule n'komwe, ndipo kutsogolo konse ndinafika ndili mbee.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti patapata amalavula. Munthu ukanyamula phazi, chidendene cha patapata chimatsalira pansi, kenako chimabwera n'kumenya kuphazi kuti phwa, ndipo kumenya kulikonse kumaponya timadontho ta matope m'mwamba, kumbuyo kwako kumene sukuona. Ndinazindikira nditafika kale, pamene ndinatembenuka pa chitseko chagalasi n'kuona kuti kuyambira ku mpendero kufika m'matako siketi inali ndi mawangamawanga ofiira ngati dzira la nkhanga. Apa ndiye ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo kulakwitsa kwake kunaposa koyamba kuja: ndinathamangira kuchimbudzi, n'kunyowetsa kampango, n'kuyamba kupukuta. Dontho lililonse linasanduka chibanthu chachikulu ngati chikhatho. Mayi wina amene ankakolopa mmenemo anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mwana wanga, matope sapukuta akadali aawisi. Ukanawasiya aume, ukanangowakwecha ndi chikhadabo." Mafunso aja ndinayankha nditakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, ndipo potuluka ndinayenda chobwerera ngati ndikuchoka pamaso pa mfumu. Siketi ya akulu anga ija sinayerenso mpaka lero.

Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira zoti mdani wa munthu woyenda pansi m'dzinja ndi mvula. Mvula imanyowetsa basi, ndipo chonyowa chimauma. Chimene chimachotsa munthu ulemu ndi dothi, ndipo dothi limagwira ntchito yake kuyambira m'mawondo kupita pansi, ngakhale tsiku limene kumwamba kuli dzuwa. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona atsikana akuthira ndalama yonse pa jekete yokongola ndi ambulera yaikulu pamene kumapazi avala nsapato zosalala kunsi ngati mbale. Dothi lathunso si limodzi. Katondo, dothi lofiira lija lofala m'madera okwera monga ku Lilongwe ndi ku Thyolo, limaterera likanyowa ndipo limasiya utoto, chifukwa kufiira kwakeko kumachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, chimodzimodzi ndi dzimbiri. Makande, dothi lakuda la m'madambo ndi m'chigwa cha Shire, silidetsa kwambiri koma limamata, moti ukayenda mapazi khumi nsapato iliyonse imalemera ngati njerwa ndipo yosamanga bwino imatsalira m'matope momwemo. Kwanuko mukulimbana kwambiri ndi katondo, ndiye nkhani yanu ndi ya kuterera ndi ya utoto.

Anthu ambiri angakuuzeni kuti muzivala zakuda. Ine ndikukana. Chovala chakuda chimabisa matope akadali onyowa, koma akauma amasanduka ofiirira motuwa, ndipo pa buluku lakuda amaoneka kuposa pa chovala china chilichonse kupatula choyera. Mitundu imene imagwirizana ndi katondo ndi yofanana naye: yakhofi, yofiira moderapo, yobiriwira ngati masamba ouma, ndipo koposa zonse nsalu yamaluwamaluwa, pakuti kadontho kamodzi kamasochera pakati pa zojambulazo. Amayi athu amene amavala chitenje pamwamba pa diresi popita kutchalitchi m'miyezi ino sachitira ulemu wokha. Chitenje chija chimalandira zonse za panjira, thope la galimoto yodutsa, mpando wonyowa wa kabaza, thumba la makala la munthu woyandikana naye, ndipo pofika amangochivula n'kuchipinda mbali yakuda ili mkati. Ndamvapo atsikana ena a m'maofesi akunena kuti chitenje chimawaonetsa ngati akumudzi, ndipo ndimangoseka, chifukwa amene wafika ndi siketi yoyera pansi pa chitenje ndi amene wafika ndi matope mpaka m'ntchafu, wooneka wotsalira ndi uti?

Za buluku ndinenepo pang'ono, popeza mbadwo wanu unabadwa zili zololedwa kale. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi m'dziko muno, ndipo linachotsedwa mu 1993, moti amayi athu anadutsa madzinja onse a zaka zimenezo ndi siketi ndi chitenje basi. Buluku ndi labwino pokwera kabaza, koma m'matope limagonja kwa siketi yolekeza m'munsi pang'ono mwa mawondo, chifukwa miyendo yake imakhudzana poyenda ndipo matope a mwendo uwu amapakika pa mwendo uwo. Khungu la mwendo mukhoza kulitsuka ndi madzi a m'kapu imodzi, pamene nsalu ikadetsedwa mukhala nayo mpaka kuweruka. Jinzi ndiye ndimaiika m'sutikesi kuyambira Disembala mpaka Malichi. Ikanyowa imalemera, imazizira pathupi tsiku lonse, ndipo ukaichapa m'masiku a mvula yamvumbi imatha masiku awiri kapena atatu pachingwe n'kuyamba kununkha chuku isanaume. Nsalu zopepuka zosakaniza thonje ndi poliyesitala, zimene zadzaza pa kaunjika pa msika wa Tsoka, zimauma muli pa desiki pomwepo. Ya poliyesitala yokhayokha imauma msanga kuposa zonse, koma dzinja lathu ndi lotentha, ndipo m'minibasi yotseka mawindo imasunga fungo la thukuta.

Minibasi imeneyo ili ndi mavuto akeake amene munthu wa galimoto yake sangawaganize. Mvula ikamagwa aliyense amatseka zenera, anthu mwakhala anayi pa mpando, ndipo madzi amene amakunyowetsani si a kumwamba koma a ambulera ya mnzanu imene yatsamira pa mwendo wanu. Mpando wa pafupi ndi chitseko ndi woipitsitsa, chifukwa kondakitala amatsegula pa siteji iliyonse, ndipo aliyense wolowa kapena wotuluka amakupondani kapena kukukhudzani ndi nsapato zake. Wa pazenera umafunika kuuyamba mwaugwira ndi dzanja musanakhale, pakuti mphira za mawindo ambiri zinatha kale ndipo siponji imamwa madzi osaoneka ndi maso. Chijasi chamvula chapulasitiki ndimachivula ndisanakwere n'kuchipinda mbali yonyowa ili mkati. Munthu amene amalowa nacho chili pathupi amanyowetsa anzake awiri, ndipo iye mwini amatsika atanyowa ndi thukuta kuposa mmene mvula ikanamunyowetsera.

Nkhani ya nsapato

Apa ndi pokhapo pamene ndingakupempheni kuti muwononge kandalama. Nsapato zikhale ziwiri, za panjira ndi za mu ofesi, ndipo za mu ofesizo zizigona konko m'dirowa kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, zisamaone msewu wa ku Chinsapo. Za panjira zikhale zapulasitiki kapena zamphira, zotseka kutsogolo, zogwira chidendene kuti zisalavule, ndipo musanagule muzitembenuze n'kuona ngati kunsi kuli mizere yakuya yoti chala chikhoza kukodwamo. Majombo amathandiza kumene madzi amafika m'akakolo, koma ndi olemera kunyamula ndipo amatenthetsa mapazi, choncho ine ndimawasiyira masiku oipitsitsa. Ngati muli ndi nsapato zachikopa za pa kaunjika, pitani nazo kwa wosoka nsapato azizungulize ndi ulusi mvula isanazinyowetse, chifukwa zambiri n'zomata ndi guluu wokalamba amene amalekerera akangolawa madzi, ndipo chizindikiro chake ndi kakamwa kamene kamayamba kutseguka kuchala chachikulu. Zikanyowa musaziyandikize ku mbaula, poti moto umaumitsa chikopa mpaka kung'aluka. Muzidzaze ndi nyuzipepala zakale, muzisinthe zikanyowa, ndipo polishi muzipaka zitauma.

Ndatsala pang'ono kuiwala za kuyanika. Masiku amene dzuwa limangotuluka ola limodzi, anthu amathamangira kuyala zovala pa udzu kapena pa mpanda, ndipo m'nyengo ino muli ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi ndi pa zovala zonyowa. Mphutsi yake imaboola khungu n'kutupitsa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo, ndiye chilichonse chimene chayanikidwa panja, ngakhale cham'kati, chisitidwe mbali zonse ziwiri, makamaka m'misoko ndi m'chiuno. Thope la katondo likagwira chovala, lisiyeni liume, likwecheni ndi kaburashi, kenako munyike chovalacho m'madzi ozizira a sopo usiku wonse musanachape. Mankhwala oyeretsera zovala sachotsa utoto wa chitsulo. Pa nsalu yoyera ya thonje madzi a mandimu amathandizako, ngakhale kuti siketi ya akulu anga anailephera.

Tsono poti mwati ndalama mulibe, chitani izi Loweruka likubwerali. Sankhani masiketi awiri oderapo mwa amene muli nawo kale, mupite nawo kwa telala awapinde kuti alekeze zala zinayi m'munsi mwa bondo, ndipo mumuuze kuti asadule nsalu kuti mudzathe kuwamasula dzinja likatha. Nsapato zabwino mukazisiye ku ofesi Lolemba. M'chikwama muzikhala chitenje chimodzi, kathaulo kakang'ono, jumbo yolimba yoikamo nsapato zamatope ndi ambulera, komanso kabotolo ka mafuta odzola, chifukwa miyendo yotsukidwa ndi madzi okha imatuwa ikauma. Muzinyamuka mphindi khumi msanga kuti muziyamba mwalowa kuchimbudzi musanapereke moni kwa abwana.